Kodi pulogalamuyi idzaima? Funso limene lagonjetsa makompyuta

Pa 31 Disembala 2008, anthu ena amene anali ndi kachipangizo koimbira nyimbo ka Zune, kopangidwa ndi kampani ya Microsoft, anadzuka n'kupeza kauma gwa. Chaka chimenecho chinali cha masiku 366, ndipo pulogalamu yowerengetsera masiku itafika pa tsiku lomalizalo inayamba kuzungulira pamalo amodzi osatulukapo. Sikuti inafa ayi. Inkagwira ntchito ndithu, koma ntchito yake inalibe mathero.

Munthu angafunse kuti, bwanji akatswiri osalemba pulogalamu imodzi yoyeza mapulogalamu ena onse, yoti izinena pasadakhale kuti iyi idzaima, iyi sidzaima? Yankho lake linapezeka kalekale, makompyuta a masiku ano asanabadwe. Mu 1936 Alan Turing, mnyamata wa masamu wa ku Cambridge ku Mangalande, anatsimikiza kuti mafunso a mtundu umenewu palibe makina amene angawayankhe onse. Vuto si kuchepa kwa liwiro kapena kwa nzeru za olemba mapulogalamu. Chinthucho n'chosatheka basi.

Kungoiyatsa pulogalamu n'kuidikira sikuthandiza. Ikaima, yankho lapezeka. Koma ikatha chaka ikuyendabe, palibe angadziwe ngati itsirize mawa kapena ayi.

Chitsanzo chabwino ndi masewera a manambala amene Lothar Collatz anabweretsa mu 1937. Nambala ikakhala yogawika pawiri, imagawidwa pawiri. Ikakhala yosagawika, imachulukitsidwa katatu n'kuwonjezerapo 1. Masewera amatha ikafika pa 1. Kuyambira pa 6, ulendo wake ndi waufupi: 3, 10, 5, 16, 8, 4, 2, 1. Koma 27, kanambala kooneka kofatsa, kamakwera mpaka 9,232 ndipo kamafika pa 1 patatha masitepe 111. Kodi nambala iliyonse imafikadi pa 1? Mpaka lero palibe amene watsimikiza, chonsecho pulogalamu yake ndi ya mizere yowerengeka chabe.

Komabe kuvuta n'kosiyana ndi kusatheka, ndipo apa m'pamene pali kukoma kwa nkhaniyi. Umboni wake, monga amauphunzitsira masiku ano, umayamba ndi kuvomera zimene ukufuna kutsutsa. Tinene kuti pulogalamu yoyeza ija ilipo, dzina lake `idzaima`. Ikapatsidwa pulogalamu ina pamodzi ndi zimene pulogalamuyo iwerenge, imayankha kuti inde kapena ayi, mosalakwitsa ndiponso mosalephera. Popeza pulogalamu ndi malemba chabe, ikhoza kupatsidwa malemba ake omwe kuti iwerenge. Tsono wina n'kulemba kapulogalamu aka:

```
def wamakani(p):
    if idzaima(p, p):
        while True:
            pass
    else:
        return
```

Khalidwe la `wamakani` lili ngati la mwana amene amayamba wamva zimene akulu alosera za iye, kenako n'kuchita zosiyana nazo. Ikauzidwa kuti pulogalamu `p` idzaima powerenga malemba ake omwe, iyo imalowa m'chizungulire chosatha. Ikauzidwa kuti sidzaima, iyo imaima pomwepo.

Nanga `wamakani` ikapatsidwa malemba ake omwe? Woyeza uja akanena kuti idzaima, yalowa kale m'chizungulire, ndiye kuti wanama. Akanena kuti sidzaima, yaima nthawi yomweyo, ndiye kuti wanamanso. Yankho lachitatu palibe. Pa zonse zimene zalembedwazi, chimodzi chokha n'chimene chinangoganiziridwa popanda umboni, ndicho kukhalapo kwa `idzaima`. Chimenecho ndiye chabodza. Wina akaikonza kuti izindikire msamphawu, `wamakani` yatsopano yomangidwa pa woyeza watsopanoyo imamugwetsanso chimodzimodzi.

Ambiri amaimva molakwika mfundoyi, ngati kuti palibe pulogalamu imene ingadziwike mathero ake. Si choncho. Yowerenga kuyambira 1 mpaka 100 idzaima, ndipo aliyense akhoza kuona. Vuto la Zune nalonso likanagwidwa ndi munthu woyesa tsiku la 366. Chosatheka ndi njira imodzi yoyankha molondola pa mapulogalamu onse. N'chifukwa chake zida zoyezera mapulogalamu zimene zilipo zimakhala ndi poperewera: pena zimati inde, pena ayi, pena zimavomera kuti zalephera, kapenanso zimachenjeza pamene palibe vuto. Mu 1953 Henry Rice anafutukula mfundoyi, n'kuonetsa kuti mafunso ena okhudza zimene pulogalamu imatulutsa, monga lakuti kodi mapulogalamu awiri amapereka mayankho ofanana nthawi zonse, nawonso alibe woyeza wosalephera.

Ngakhale mawu aja akuti `Not Responding`, amene Windows imalemba pamwamba pa zenera, si chigamulo chakuti pulogalamu yasokonekera. Kompyuta imangoona kuti papita masekondi pafupifupi asanu pulogalamuyo isanayankhe, ndipo imasiyira mwini wake kusankha kudikira kapena kutseka.