Muyeso umene unapulumuka moto wa Notre-Dame

Madzulo a pa 15 Epulo 2019 moto unabuka padenga la tchalitchi cha Notre-Dame mumzinda wa Paris, ku France. Pofika m'mawa mitengo ya denga, ina yake ya m'zaka za m'ma 1200, inali makala. Nsanja yosongoka yotalika mamita 96, imene Eugène Viollet-le-Duc anamanga m'zaka za m'ma 1800, inagwa n'kuboola denga lamiyala lam'kati. Akatswiri omwe anapatsidwa ntchito yokonza anafunika kudziwa chinthu chimodzi asanagwire mwala uliwonse: kodi nyumbayi inaima motani moto usanabuke?

Mapulani akale analipo, koma pulani imaonetsa khoma lowongoka ngakhale pamene khoma lenilenilo linapendekeka kalekale. Chimene chinathandiza kwambiri ndi ntchito ya Andrew Tallon, mphunzitsi wa mbiri ya zomangamanga pa koleji ya Vassar ku America, amene kuyambira mu 2010 ankayeza tchalitchichi ndi makina a leza. Iye anamwalira mu Novembala 2018, kutatsala miyezi isanu kuti motowo ubuke.

Makinawa amaikidwa pa miyendo itatu, ndipo amazungulira akuponya kuwala kwa leza mbali zonse. Kuwalako kukagunda khoma kumabwerera, makinawo n'kuwerengera mtunda kuchokera pa nthawi imene kwatenga. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, choncho ngati mwala uli pamtunda wa mamita 30, ulendo wopita ndi kubwerera umatenga gawo limodzi mwa magawo 5 miliyoni a sekondi. Poti makinawo amadziwanso kumene analoza, malo aliwonse ogundidwa amasanduka dontho lokhala ndi manambala atatu: kutsogolo, m'mbali ndi m'mwamba. Madontho akachuluka amapanga chimene akatswiri amati mtambo wa madontho. Tallon anaimika makina ake pamalo oposa 50 mkati ndi kunja kwa Notre-Dame, n'kusonkhanitsa madontho oposa 1 biliyoni, ndipo muyeso wake sunkaphonya kupitirira mamilimita pafupifupi 5.

N'chifukwa chiyani malo ochuluka chonchi? Leza siiona kuseri kwa chipilala. Chilichonse chotchinga chimasiya mthunzi wopanda madontho, motero makina amasunthidwa kuti akaone mbali inayo. Apa m'pamene pali ntchito yovuta, yolumikiza zoyeza zonsezo kuti zikhale nyumba imodzi. Oyeza amaika zizindikiro, timipira toyera kapena timapepala ta mabwalo akuda ndi oyera, pamalo oti tioneke kuchokera mbali ziwiri, ndipo pamafunika zosachepera zitatu kuti kompyuta ilumikize bwino. Munthu akagunda chizindikiro chimodzi n'kuchisuntha, kapena zolakwika zing'onozing'ono zikamawonjezekana kuchokera kuchitseko mpaka kuguwa, nyumba ya mukompyuta imapindika pamene yeniyeniyo siinapindike. Kuzindikira kwake n'kosavuta kwa wodziwa: amadula mtambowo pakati n'kuyang'ana khoma. Likaoneka ngati mizere iwiri yoyandikana m'malo mwa umodzi, ndiye kuti kulumikiza kwalakwika. Magalasi nawo amavutitsa, chifukwa kuwala kumadutsa kapena kunjanja, n'kusiya madontho m'malere. Amenewo amafufutidwa, pamodzi ndi a anthu odutsa ndi mipando.

Mtambo wa madontho umanena zoona, koma sudziwa dzina la chinthu chilichonse. Kwa iwo chipilala, chitseko ndi fumbi la pawindo n'zofanana. Choncho pamabwera sitepe yachiwiri: munthu amakhala pakompyuta n'kumanga chifaniziro cha nyumbayo chigawo ndi chigawo, akutsata madonthowo. Njirayi imadziwika ndi zilembo zakuti BIM. Chigawo chilichonse chimapatsidwa nambala, ndipo pa nambalayo amamangirirapo zolembedwa zake: mtundu wa mwala, zaka zake, zithunzi, malipoti a ming'alu, tsiku limene chinakonzedwa ndi amene anakonza. Woyang'anira nyumba akadina chipilala pakompyuta, mbiri yake yonse imatuluka, m'malo mokafufuza m'mafaelo a m'maofesi atatu. Ku Notre-Dame chifaniziro chotere chinapangidwa moto utazima ndi kampani ya ku France ya Art Graphique & Patrimoine mothandizana ndi Autodesk, pogwiritsa ntchito zoyeza zakale ndi zatsopano.

Ine ndimaona kuti ngozi yaikulu ili pa sitepe imeneyi, ndipo siikambidwa mokwanira. Mapulogalamu a BIM anapangidwira nyumba zatsopano, za makoma owongoka ndi zipilala zofanana. Notre-Dame inayamba kumangidwa mu 1163, ndipo zoyeza za Tallon zinaonetsa kuti zipilala zina za kumadzulo kwake sizili pamzere umodzi. Wojambula waulesi, kapena wothamangitsidwa ndi nthawi, amawongola zonsezo, n'kufufuta umboni womwe unali chifukwa choyezera. Mankhwala ake ndi kuika chifanizirocho pamwamba pa madontho, kompyuta n'kupaka mitundu yosonyeza pamene zasiyana ndi mamilimita angati. Ndipo chigawo chimene leza siinachione, monga mkati mwa khoma, chiyenera kulembedwa poyera kuti n'chongoganizira. Chifaniziro ndi maganizo a munthu. Madontho ndiwo umboni, ndipo sayenera kutayidwa chifanizirocho chikatha.

Taonani mmene umboniwo unagwirira ntchito pa khonde limodzi lokhota la miyala limene linagwa nsanja ija itaboola denga. Poti denga lotsala likanatha kugwera anthu, zinyalala zambiri zinatulutsidwa ndi makina oyendetsedwa patali, ndipo ankajambula zithunzi pamene muluwo unkachepa, kuti zidziwike kuti mwala uliwonse unagwera pati. Miyala ya khondelo inapatsidwa manambala n'kuyezedwa umodziumodzi. Gulu la bungwe la kafukufuku la CNRS, lotsogoleredwa ndi Livio De Luca, linayerekeza miyeso imeneyo ndi madontho a Tallon, omwe ankasonyeza kukhota kwa khondelo ndi kukula kwa miyala yake lisanagwe. Pophatikiza umboni umenewu ndi zizindikiro zotsala pamiyalayo, anatha kulozera malo akale a miyala yambiri, ndipo zonse zinasungidwa pansi pa nambala ya mwala uliwonse.

Leza payokha sikanakwanira. Mu 2014 akatswiri awiri a zomangamanga, Rémi Fromont ndi Cédric Trentesaux, anakwera m'denga n'kuyeza mitengo yake, akulemba mmene amisiri akale analumikizira mtengo ndi unzake. Makina amaona kunja kwa mfundo yokha. Mmene mitengo inalowerana amamvetsa ndi munthu wodziwa ukalipentala. Zolemba zawo zinathandiza akalipentala kumanganso dengalo ndi mitengo ya oki monga linalili, ndipo tchalitchicho chinatsegulidwanso pa 7 Disembala 2024.

Chotsala ndi kusunga, ntchito yosatamandika. Mafaelo a madontho ndi aakulu, ndipo akasungidwa m'njira yotsegulidwa ndi pulogalamu ya kampani imodzi yokha, akhoza kukanika kutseguka pakatha zaka makumi awiri. N'chifukwa chake osamala amasunga madontho m'faelo ya mtundu wa E57 ndi chifaniziro m'faelo ya IFC, zomwe mapulogalamu ambiri amawerenga, ndiponso amasunga makope m'malo osiyana, pamodzi ndi tsiku loyezera, makina amene anagwiritsidwa ntchito ndi malo a zizindikiro zija. Amisiri akasintha mwala, chifaniziro nacho chisinthidwe. Nyumba ikayezedwanso pakapita zaka, mitambo iwiriyo imayerekezedwa kuti zioneke ngati khoma likusuntha, koma zimenezi zimatheka pokhapokha ngati muyeso woyamba unasungidwa ndi tsiku lake.