Geji ya pulesha iyesedwe pokwera ndi potsika pomwe

Geji ya pa boyila kapena pa kompuresa ikayamba kunama, siionetsa chizindikiro. Muvi umayendabe bwinobwino. M'kati mwake muli kapaipi kopindika, kamene Eugène Bourdon wa ku France anatulukira mu 1849. Pulesha ikakwera, kapaipiko kamawongoka pang'ono n'kukoka timagiya toyendetsa muvi. Tizitsulo timeneti timatha, n'chifukwa chake geji imafunika kuyesedwa.

Choyesera chake ndi makina amene amisiri amati dediweti tesita. Ali ndi pisitoni yoima m'silinda yodzaza oyilo, ndipo pamwamba pake pamasanjikizidwa miyala yachitsulo ngati ya pa sikelo. Kulemera kwa miyalayo n'kodziwika, kukula kwa pisitoni n'kodziwikanso, choncho pisitoni ikayandama pa oyilo, pulesha yeniyeni imakhala yadziwika.

Titenge geji yolekeza pa 10 bar, ya gulu la 1.0, imene imaloledwa kuphonya ndi 0.1 bar basi. Mmisiri amaimanga choimirira, amachotsa mpweya wotsalira mu oyilo, kenako amaikweza mpaka pa 10 n'kuitsitsa kangapo kuti kapaipi kamasuke. Akatero amayamba pa 0, n'kuima pa 2.5, 5, 7.5 ndi 10. Paliponse amaika miyala, amapotokola chogwirira mpaka pisitoni itayandama, ndipo amaizunguza ndi dzanja kuti isagwire m'mbali mwa silinda. Amawerenga muvi atauyang'ana ndendende, amagogoda geji pang'ono ndi chala, n'kuwerenganso. Muvi ukadumpha kwambiri, ndiye kuti m'timagiya muli litsiro kapena china chikukhulana.

Potsika m'pamene pagona nkhani, ndipo n'zodandaulitsa kuti ofulumira amapadumpha. Mmisiri amabwerera m'malo omwe aja, koma mosamala. Pokwera asapitirire pamene akufuna, potsikanso asapyole pansi pake. Akapyola, abwerere kumwamba ayambirenso, apo ayi zimene walembazo n'zosathandiza.

Tinene kuti pa 5 bar muvi unaloza 4.9 pokwera, koma 5.1 potsika. Nambala iliyonse payokha ili m'malire. Komatu kusiyana kwake ndi 0.2 bar, kuwirikiza kawiri mlingo wololedwa. Kusiyana kumeneku ndiko kumatchedwa hisiteresisi, ndipo kumabwera mano a timagiya akaperepeseka, molumikizira mukakhwepa, kapena kapaipi kakatopa moti sikabwerera m'malo mwake.

Geji yophonya mofanana paliponse imakonzeka pozula muvi n'kuubwezera pamalo oyenera. Ya hisiteresisi siichira motero, chifukwa mukaiwongola pokwera ndiye mwaipotozeratu potsika. Imeneyo ikonzedwe m'kati, kapena ichotsedwe pa ntchito.

Geji ya okosijeni yokha isayandikire makina a oyilo, pakuti oyilo akakumana ndi okosijeni wopanikizidwa amatha kuyaka. Kwa inu amene mumatumiza mageji kokayesedwa, yang'anani pa satifiketi: ngati pali manambala okwera okha, funsani a potsika musanaibwezere pa boyila.