Potembenukira pali pa wotchi, osati pamsewu

Loweruka lapitali mtima unandiwawa. Gulu limene ndimaphunzitsa kuthamanga kuno ku Wedza linanyamuka m'mamawa pamsewu wafumbi wodutsa pakati pa mafamu a fodya, titagwirizana kuti pakatha ola tonse tikhale tabwerera. Mayi wina anafika yekhayekha, thukuta lili kamukamu, anzake atamwa kale madzi n'kuvala majuzi. "Aphunzitsi, ine ndisiye basi, ndikungochedwetsa anthu," anatero.

Vuto silinali miyendo yawo ayi. Linali langizo limene ndatopa nalo kulimva, lakuti wapang'onopang'ono azingopita mpaka akumane ndi otsogola akubwerera, ndiye atembenuke nawo. Limamveka lanzeru, koma masamu amalikana.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mnyamata waliwiro amatha kilomita pa mphindi 5, pamene mayi aja amaitha pa mphindi 7 ndi theka. Nthawi imeneyi ife timaitcha pesi. Pakatha mphindi 30, mnyamata ali pa makilomita 6 ndipo akutembenuka, mayi ali pa makilomita 4. Mayi akapitirira, awiriwa akumana patatha mphindi zina 6, pa makilomita 4.8. Apa mayi athamanga mphindi 36, ndipo ulendo wobwerera uwadyeranso 36 zina. Mnyamata afika ola litangokwana, mayi afika mphindi 12 pambuyo pake. Kukumanako kumangoika onse pamzere umodzi, kenako waliwiro n'kuwasiyanso.

Choncho potembenukira pasakhale pamtengo wa bulugamu, pamlatho kapena pomwe mwakumanirana. Theka la nthawi yogwirizana likakwana, aliyense atembenukire pomwe ali. Amene anali kumbuyo ndiye amasanduka wotsogola, aliwiro n'kumamuthamangira mpaka kumupeza pafupi ndi poyambira. Kwa ine, palibe chosangalatsa kuposa pamenepo.

Komabe theka la ola silikwanira aliyense. Dera lino, kufupi ndi phiri la Wedza, lili ndi zitunda, ndipo amene thupi silinazolowere amatopa msanga pobwerera. Ngati mayi aja pobwerera kilomita imawatengera mphindi 8 ndi theka, kupita ndi kubwerera kilomita imodzi ndi mphindi 16. Gawani 60 ndi 16, mupeza makilomita 3.75, kutanthauza kuti ayenera kutembenuka pa mphindi 28, osati 30.

Sindikunena kuti mudzafika ndendende, chifukwa mphepo, mchenga ndi dzuwa zimasokoneza. Ngati n'kotheka yambani ndi chitunda kuti pobwerera muzitsetsereka. Wopanda wotchi atsagane ndi mnzake wa pesi yofanana amene ali ndi foni. Mukaona kuti munthu yemweyo akuchedwa masabata awiri otsatizana, mchotsereni mphindi imodzi pa nthawi yotembenukira.

Mayi aja ndawapempha kuti abwerenso Loweruka likudzali. Atsogoleri a magulu, tcherani mawotchi musananyamuke, ndipo aliyense amve nthawi yake yotembenukira.