Mutu 6: Kodi Fupa Limasanduka Bwanji Mwala?

Mphunzitsi, mwina ophunzira anu anakufunsanipo kuti, "Ngati nyama zakhala zikufa kuyambira kalekale, bwanji tikamalima sitipunthwa pa mafupa ake?" Funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake ndilo phunziro lathu. Zotsalira za zamoyo zakale zomwe zinasungika m'miyala kapena m'nthaka timazitcha mafosilo. Kuti timvetse mmene zimapangikira, tiona malo awiri a ku Cape Town ndi kufupi nako, m'dziko la South Africa: ena odzaza ndi mafupa, ena opanda fupa ndi limodzi lomwe.

Zimene zimachitika nyama ikafa

Taganizani za ng'ombe yomwe yafera kutchire m'chilimwe. Miimba ndi afisi zimadya mnofu, mphutsi n'kumalizitsa. Fisi amaphwanya mafupa pofuna mafuta a m'kati, ndipo ena amawakokera kutali. Otsalawo amawombedwa ndi dzuwa, kunyowa ndi mvula, n'kuyamba kung'aluka ngati nkhuni youma.

Katswiri wina, Anna Behrensmeyer, anafufuza zimenezi ku Amboseli m'dziko la Kenya, ndipo anafalitsa zomwe anapeza mu 1978. Iye anaona kuti mafupa ambiri osiyidwa pamtetete amafumbutuka pa zaka 10 mpaka 15, ndipo a nyama zing'onozing'ono amatha msanga kuposa a nyama zazikulu. Choncho fupa lili ndi zaka zochepa chabe zoti lipulumuke. Likapanda kukwiririka pa nthawiyi, basi latha.

Chitsanzo cha ku Langebaanweg

Pa mtunda wa makilomita oposa 100 kumpoto kwa Cape Town pali malo otchedwa Langebaanweg. Kumeneko kunali mgodi wa fosifeti, mwala womwe amapangira feteleza. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kunadziwika kuti mumgodimo muli mafupa akale, ndipo Brett Hendey wa ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya South African Museum anawafufuza kwa zaka zambiri. Mgodi unatsekedwa mu 1993, ndipo mu 1998 malowo anatsegulidwa kwa anthu monga West Coast Fossil Park.

Mafupawa ndi a zaka pafupifupi 5 miliyoni zapitazo, ndipo ndi a mitundu ya nyama yoposa 200. Pali kadyamsonga wa khosi lalifupi ndi thupi lojintcha, chimbalangondo chachikulu, afisi, anangumi, achule ndi mbewa. Nanga anapulumuka bwanji?

Choyamba, anakwiririka msanga. Pa nthawiyo nyanja inali pamwamba kuposa lero, ndipo malowa anali pafupi ndi pomwe mtsinje unkathira m'nyanja. Mtsinje ukasefukira unkakokolola mitembo ndi mafupa, n'kukaziunjika m'makhwawa, mchenga ndi matope n'kuzifotsera. Apa fisi ndi dzuwa sizikanazipezanso. Ndi chifukwa chake mafupa a nyama za pamtunda akupezeka m'dera limodzi ndi a nyama za m'nyanja.

Chachiwiri, nthaka yake sinawadye. Fupa linapangidwa ndi zinthu ziwiri: zina zofewa zomwe zimawola, ndi mchere wolimba wa kashiyamu ndi fosifeti. Madzi a m'nthaka ya asidi amasungunula mcherewu pang'onopang'ono mpaka fupa lonse kutha. Koma ku Langebaanweg nthaka inali kale ndi fosifeti wambiri, motero madzi ake sankalanda fosifeti wa m'mafupa. Zili ngati madzi omwe mwathiramo mchere wambiri: mukawonjezera wina sasungunukanso.

Chachitatu, timibowo ta fupa tinalandira mchere wina. Mukathyola fupa la ng'ombe mudzaona kuti m'kati mwake muli timibowo ngati ta siponji. Zofewa zija zikawola, madzi a pansi amadutsa m'timibowomu n'kumasiyamo mchere wa m'nthaka, monga momwe madzi a pa mjigo amasiyira zoyera m'ketulo. Pakapita zaka zikwizikwi fupa limasintha mtundu, limalemera, ndipo lina limauma gwa ngati mwala, koma maonekedwe ake amakhala omwe aja.

Chachinayi, anavundukulidwa pa nthawi yabwino. Pakanapanda mgodi, mafupawa akanakhalabe pansi pa mchenga, osadziwika ndi munthu aliyense.

Phiri lopanda mafupa

Tsopano tiyang'ane phiri la Table Mountain lomwe lili mumzinda wa Cape Town. Phirili ndi lakale kwambiri kuposa mchenga wa ku Langebaanweg, koma simungapezemo fupa. Chifukwa chiyani?

Kunsi kwake mbali yaikulu ndi mwala wa gilanaiti, womwe unali wamadzimadzi ndi wotentha pansi pa dziko usanazizire zaka pafupifupi 540 miliyoni zapitazo. M'mwala wotere simusungika chamoyo chilichonse. Pamwamba pake pali mwala womwe unachokera ku mchenga woyalidwa ndi madzi zaka zoposa 450 miliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo pamtunda panalibe nyama za mafupa. Komanso mchenga umalola madzi ndi mpweya kudutsa, choncho matupi ofewa amawoleratu. Zomwe zimaoneka apo ndi apo ndi tinjira ndi maenje a tizilombo basi. Miyala ina yomwe inali pamwamba pa phirili inakokoloka kalekale, pamodzi ndi zonse zomwe zinali m'menemo.

N'chifukwa chiyani zosungika ndi zochepa?

Masitepe anayi aja ali ngati masefa anayi otsatizana. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti ophunzira amve. Tinene kuti pa sefa iliyonse nyama imodzi yokha pa nyama 100 ndiyo imadutsa. Pa masefa anayi, ndiye 100 × 100 × 100 × 100, kutanthauza nyama imodzi pa nyama 100 miliyoni.

Onaninso kuti masefawa amakondera. Mano, zigoba ndi mafupa akuluakulu zimadutsa mosavuta, pamene nyongolotsi ndi bowa kawirikawiri sizisiya kanthu. Zamoyo za m'nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, momwe matope amaunjikana, zili ndi mwayi kuposa za m'mapiri, momwe nthaka imangokokoloka. N'chimodzimodzinso kwathu kuno: mafupa a dayinoso wotchedwa Malawisaurus, ndi chibwano cha munthu wakale chomwe chinapezeka ku Uraha mu 1991, zonse zinapezeka m'boma la Karonga, m'miyala yochokera ku mchenga ndi matope oyalidwa ndi madzi.

Choncho chenjezani ophunzira anu: kuchuluka kwa mafupa a nyama ina pa malo si umboni wokwanira wakuti nyamayo ndiyo inali yochuluka. Mwina mafupa ake ndiwo anali olimba, kapena inkakonda kukhala m'mbali mwa mtsinje. Ofufuza amayang'ana fupa lenilenilo: losalala m'mphepete linakokedwa ndi madzi, la zipsera za mano linatafunidwa, long'aluka linakhalitsa padzuwa lisanakwiririke.

Ntchito

Pezani mafupa atatu a nkhuku ofanana kukula. Loyamba liikeni pamtetete koma lophimbidwa ndi waya, lachiwiri likwirireni m'dothi la makande, lachitatu liviikeni m'botolo la viniga. Pakatha sabata imodzi yesani kupinda la m'viniga: lidzakhala lofewa chifukwa asidi wasungunula mchere wake. Awiri enawo muwayerekeze kumapeto kwa teremu. Kenako lembani ndime imodzi yofotokoza sefa yomwe fupa lililonse likuimira, ndipo muitumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya mutu uno.