M'mawa Wabwino Watani?

Amene amamvera wailesi m'mamawa kapena kulandira mauthenga a palamya anazolowera kumva mawu akuti "m'mawa wabwino". Chichewa cha makolo chinalibe moni wotere. Ndi gudumoning'i wa Chingerezi amene anangomutembenuza liwu ndi liwu. Chiyambire 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko ndipo Chingerezi chinatsala cha ntchito za boma, ziyankhulo ziwirizi zakhala zikukhuzana m'kalasi, mu ofesi ndi pawailesi, choncho kubwerekana kotere n'kosadabwitsa. Vuto ndi lakuti malonje a mbali ziwirizi sagwira ntchito imodzi.

Mngerezi akati gudumoning'i amangofunira mnzake zabwino, ndipo winayo amabweza mawu omwewo n'kupitiriza ulendo. Wolankhula Chichewa amafunsa funso: "Mwadzuka bwanji?" Funsolo limadikira yankho, yankholo limabweranso ndi funso lake lakuti "kaya inu?", ndipo onse awiri akamaliza ndi "zikomo" amakhala atadziwana mmene agonera.

Mwachitsanzo, mlangizi wa zaumoyo wafika pakhomo pa gogo wina kumudzi. Akangoti "m'mawa wabwino, agogo", gogoyo amakhala chete kudikira kuti chiganizo chithe, poti mawuwo alibe mneni. M'mawa wabwinowo watani? Ngati makutu ayamba kuvuta, angamvenso ngati akuuzidwa za mawa. Koma mlangiziyo akati "odi", n'kupatsidwa mphasa, kenako n'kufunsa kuti "mwadzuka bwanji, agogo?", yankho lingakhale lakuti "tadzuka pang'ono, mwanayu ndiye sanagone, thupi likutentha". Nkhani imene mlangizi wadzera yatulukira m'malonje momwemo. Moni wongotembenuza uja sapereka mpata umenewu, ndipo pakhomo pamene anthu achezera usiku wonse ndi wodwala, kuwauza kuti m'mawa ndi wabwino kumamveka ngati kusalabadira. Pamaliro ndiye pamafunika "pepani" basi.

Kukada, chisokonezo chimakhala china. M'Chingerezi gudu ivining'i ndi moni wa pofika ngakhale usiku utapita, pamene gudunaiti ndi wotsanzikira. M'Chichewa madzulo ndi usiku ndi nthawi chabe. Motero mlendo wofika anthu atadya kale nsima, akayang'ana mdima n'kunena kuti "usiku wabwino", amakhala watsanzika asanakhale pansi. Pofika timati "mwaswera bwanji?", ndipo posiyana timati "mugone bwino", kapena mwachikondi, "mugone kutali ndi moto". Kunena zoona, "usiku wabwino" wakhazikika ndithu m'mauthenga a achinyamata, ndipo potsanzika sakhumudwitsa munthu.

Ena mwa malonjewa akatembenuzidwa amasanduka nkhani ina. Hawu du yu du, moni waulemu wa anthu amene akumana koyamba, amakhala "mumachita bwanji?", funso limene womva angabweze kuti "kuchita chiyani?" Mawu otsanzikira akuti teki keya amakhala "samalani", ndipo munthu wouzidwa choncho pachipata amayamba kuganiza kuti m'njira muli achifwamba, kapena kuti mwini nyumba akumuopseza. Chimodzimodzi sii yu: "tionana" ali bwinobwino, koma "ndidzakuona" ndi mawu amene munthu amauza amene wakangana naye. Potsanzika, Chichewa chimasiyanitsa wopita ndi wotsala, wina "pitani bwino", wina "tsalani bwino", pamene gudubayi ndi mmodzi kwa onse.

Palinso yankho la kuthokoza. Mngerezi akathokozedwa amayankha ndi mawu amenenso amalandirira alendo, ndiye ena amatembenuza kuti "mwalandiridwa". Wogula tomato pamsika amene wati "zikomo" n'kumva "mwalandiridwa" amadabwa kuti walandiridwa kuti. Yankho la zikomo ndi zikomo yemweyo, kapena "palibe kanthu".

Cholakwa chopweteka kwambiri chili pa kamawu kamodzi. Chingerezi cha lero chili ndi liwu limodzi lokha, yu, la mwana, mfumu kapena khamu la anthu. Chichewa chili ndi iwe ndi inu. Wotembenuza akaona kuti akulankhula ndi munthu mmodzi amasankha "uli bwanji?", ndipo galamala yake imakhala yolondola. Koma mkamwini amene angalonjere apongozi ake choncho sangakhululukidwe chifukwa cha galamala. Munthu wamkulu, ngakhale ali yekha, ndi "muli bwanji?", ndipo m'makomo ambiri ulemu umapitirira pamenepo, wamkuluyo n'kufunsidwa ngati akunenedwa wina: "Adzuka bwanji agogo?"