Kulemba Cidule ca Msonkhano pa Imelo

Tiyerekeze kuti aphunzitsi a Cinyanja a ku Petauke ndi a ku Nyimba akumana kuti akonze mayeso ofanana a Giredi 4. Mlembi akabwerera kwao ayenera kutumiza imelo tsiku lomwelo, anthu asanayambe kukumbukira zosiyana. Imeloyo isalondole mmene anthu anatsutsirana ai. Pa mfundo iriyonse inene zinthu zitatu: cimene cagwirizanidwa, amene adzacicita, ndi tsiku lomariza.

Cimene cimaononga makalata otere kawirikawiri ndi mneni. Taonani ciganizo ici: "Mafunso adzalembedwa sabata lamawa." Galamala yake njabwino, koma kaphatikizo ka -edwa kabisa wocita nchito. A ku Nyimba adzayesa kuti alemba ndi a ku Petauke, a ku Petauke naonso adzakhala cete kudikira anzao. Mau akuti "sabata lamawa" naonso ngoterera, pakuti mphunzitsi wa kumudzi kumene netiweki imavuta angatsegule imeloyo patapita masiku asanu. Mlembi wosamala alemba motere: "Mphunzitsi wamkulu wa sukulu lathu adzalemba mafunso 20 a kumvetsa nkhani, nadzawatumiza kwa tonse pofika Lacisanu, pa 14 Juni." Pamene palembedwa udindopo, m'kalata yeniyeni muikepo dzina la munthu mmodzi, osati "komiti".

Musanatumize, werengani mzere uliwonse ndi kufunsa kuti, "Ndani? Liti?" Mzere wosayankha mafunsowa ukonzedwe. Ngati msonkhano sunasankhe munthu, lembani poyera kuti nchitoyo ikalibe mwini, ndipo funsani wapampando asankhe.