Mphete yoyera ikayamba chikasu

Mphete ya ukwati ya golide woyera imachoka kusitolo ikuwala ngati galasi. Pakatha chaka kapena ziwiri, kunsi kwake kumayamba kuoneka kachikasu, ndipo ambiri amaganiza kuti anawagulitsa yachinyengo. Nthawi zambiri mpheteyo imakhala yeniyeni ndithu, chatha ndi chokutira chapamwamba chabe.

Golide sachoka pansi ali woyera. Amisiri amasakaniza golide wachikasu ndi zitsulo zotuwa monga paladiyamu, nikelo kapena siliva. Mukaona nambala 750 mkati mwa mphete, ndiye kuti magawo 75 pa 100 alionse ndi golide, n'chifukwa chake chikasu sichitheratu. Pofuna kuchibisa, amaikuta ndi rodiyamu, chitsulo choyera mbuu cha gulu la pulatinamu, chimene chambiri chimakumbidwa ku South Africa.

Chokutiracho n'chopyapyala kwambiri. Kawirikawiri sichipitirira maikironi imodzi, pamene tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi maikironi 70. Mmisiri sangangochiunjika, chifukwa rodiyamu ndi wolimba koma wosapindika, akachuluka amang'aluka. Ndiye kamuyalo kochepako kamaperepeseka tsiku ndi tsiku, kuyambira mbali ya kuchikhatho imene imakhudza zitseko, makiyi, ndowa ndi chiwongolero. Kukwecha mapoto ndi mchenga kumakamaliza msanga, chimodzimodzinso kuvala mphete ziwiri zokhulana pa chala chimodzi. Ndolo zokutidwa mofanana zimatha zaka zambiri zili bwino, poti sizikhuzika.

Mphete yovala tsiku lililonse imafuna kukutidwanso pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, koma ine sindilangiza kutsata kalendala. Ifananizeni nokha pa pepala loyera masana: ngati kunsi kwachita chikasu koma pamwamba pakuwalabe, palibe changu. Chifukwa chake n'chakuti mmisiri asanaikute amayamba waipukuta ndi makina kuti achotse rodiyamu wakale ndi mikwingwirima, ndipo kupukutako kumadya golide pang'ono ulendo uliwonse. Kenako amaitsuka kuti pasatsale mafuta, n'kuiviika m'madzi a rodiyamu odutsamo magetsi kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Wochita zimenezi miyezi ingapo iliyonse amangopyapyalitsa mphete yake.

Pali nthawi zina zosafunika kudikira. Chala chikayamba kuyabwa kapena kutuluka totupa pansi pa mphete, mwina nikelo wayamba kukhudza khungu. Ivuleni mpaka ikutidwenso, ndipo zikabwerezabwereza funani mphete yosakanizidwa ndi paladiyamu. Mphete imene yakulitsidwa kapena kuchepetsedwa nayonso imafunika kukutidwa, poti kuwotcherera ndi kupukuta kumachotsa chokutira chakale.

Mukaipereka, muuzeni mmisiri mtundu wa mwala umene uli pampheteyo. Dayamondi saopa madziwo, koma ngale ndi opalo zimaonongeka ndi asidi wake, choncho ziyenera kuchotsedwa kaye. Mupempheninso aone tizikhadabo togwira mwala ngati sitinaperepeseke.